Lipoti la nkhani: Agogo a zaka 81 oiwalaiwala amene ankakana kuvula mano oikirira

Ntchito yanga ndi ya mano. Kupatula kuona odwala pa kiliniki, ndimayenderanso okalamba angapo m'makomo mwawo muno mu Blantyre, makamaka amene kukwera nawo minibasi ndi nkhondo. Lipotili ndi la mayi wina wa ku Chilomoni amene ndinamuona kwa miyezi 3. Abale ake anavomera kuti ndilembe, koma dzina ndalisiya, ndizingoti Agogo.

Mmene nkhani inandipezera

Amene anabwera kudzandiona ndi mwana wawo wamkazi, mayi wa zaka za m'ma 50 amene amawasunga. Dandaulo lake silinali la mano ayi. Anati, "Adokotala, amayi asiya kudya. Nsima akungoigwiragwira, ndipo m'kamwa mukutuluka fungo loti ana sakufunanso kukhala nawo pafupi."

Agogo anawapeza ndi matenda oiwalaiwala, aja achipatala amati dimenshiya, zaka 4 zapitazo. Amayenda okha, amadya okha, mwana wawo amamuzindikira masiku ambiri, koma mawu anachepa ndipo sangathe kunena pamene pakuwapweteka. M'buku lawo la kuchipatala munali mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndi amitiriputilini amene anawapatsa kuti azigona usiku. Sikelo inasonyeza kuti atsika kuchoka pa makilogalamu 54 kufika pa 49 m'miyezi 5.

Nditafunsa za mano oikirira, mayiyo anati anawaikitsa kalekale amuna awo adakali moyo. Ndinafunsa kuti anawavula liti komaliza. Anakhala kaye chete, kenako n'kuti, "Kale ankadzisamalira okha kubafa. Ife sitinawaonepo alibe mano. Chaka chino chonse sindikukhulupirira kuti anatulukako."

Yankho limeneli ndimalimva kawirikawiri. Si kusasamala. Munthu amene wakhala zaka 20 akutsuka mano ake mobisa sasiya pa tsiku limodzi anthu akuona. Amasiya pang'onopang'ono, ndipo palibe amene amadziwa kuti ntchitoyo yatsala yopanda mwini.

Ulendo woyamba, umene ndinaulakwitsa ndekha

Ndinafika cha m'ma 4:30 madzulo nditaweruka, nditavala gawuni yoyera, chophimba pakamwa ndi magolovesi. Agogo anali pabalaza, wailesi ikulira, mkamwini wawo atakhala pa mpando wina. Ndinapereka moni ndili chiimirire, n'kuwapempha kuti ayasamule. Anamanga milomo. Nditayandikitsa dzanja kuchibwano anandimenya pa mkono n'kukuwa kuti, "Akuba! Chokani!"

Panjira pobwerera ndinawerenga zolakwa zanga. Nthawi inali yoipa, chifukwa anthu ambiri odwala matendawa amasokonezeka kwambiri dzuwa likamapendeka. Nkhope yanga inali yobisika. Ndinawaimirira pamutu ngati wapolisi. Koma chachikulu anandiuza ndi mdzukulu wawo, mtsikana wa zaka 19, pondiperekeza: "Agogo sangavule mano pamaso pa adadi. Ngakhale kudya sadyera pamodzi." Dzina la mkamwiniyo analiiwala kalekale, koma manyazi a pa mkamwini anatsala. Ine ndinkapempha mayi wachikulire kuti aonetse nkhama pamaso pa mwamuna wa mwana wake, pabalaza, mlendo ali pomwepo.

Tinagwirizana kuti ndibwerenso Loweruka 9 koloko m'mawa, atamwa tiyi, tikakhale kuchipinda kwawo chitseko chotseka, ndi mdzukulu yekha.

Zimene ndinapeza m'kamwa

Ulendo wachiwiri ndinasiya gawuni m'chikwama. Ndinakhala pa kampando kafupi kuti maso athu alingane, ndinawaitana ndi dzina la mfunda wawo monga mdzukulu anandilangizira, ndipo tinacheza za mvula mphindi zingapo ndisanavale magolovesi. Mdzukuluyo anawaseka kuti, "Agogo, tandionetseni mano anu okongola aja, mwina ndi amene anakopera agogo aamuna." Anaseka, pakamwa n'kutseguka. Gogo ndi mdzukulu amaselewulana momasuka, zimene mwana wobereka sangachite, ndipo ubale umenewu unatithandiza kuposa chida chilichonse chimene ndinanyamula.

Kumwamba anali ndi mano oikirira athunthu a pulasitiki yapinki ija timati akiriliki. Kumunsi anali ndi mano awoawo 6 akutsogolo, ndi kachidutswa ka mano oikirira a m'mbali kogwira ndi timawaya.

Ndinayamba kuchotsa akumunsi. Anali ogwedera moti anatuluka ndi chala chimodzi, kawaya kamodzi katathyoka, ndipo kanali katabaya tsaya n'kusiya chilonda chonga njere ya chimanga. Akumwamba anali omatirira. Mano amenewa sakokedwa kutsogolo. Umalowetsa chala chamkombaphala pakati pa tsaya ndi nkhama mpaka ukhudze m'mphepete mwa pulasitiki cha kumbuyo, n'kukanikizira pansi kuti mpweya ulowe. Ukamva atayika, umawapendeketsa mbali imodzi potulutsa kuti asang'ambe milomo. Chala chisalowe pakati pa mano akumwamba ndi akumunsi, chifukwa munthu wamantha amaluma osafuna.

Mkati mwa mano akumwambawo munali utoto wokhuthala wotuwa, pena wolimba ngati laimu wa m'ketulo, ndi nyenyeswa za chakudya. Fungo lonse lija linkachokera mmenemo. Kumwamba kwa m'kamwa kunali kofiira psuu, ndipo kufiirako kunathera ndendende pamene pulasitiki imathera, ngati wachita kulemba ndi pensulo. Malire amenewa ndi amene amakuuza kuti vuto ndi mano oikirira. Ndi kutupa kobwera ndi tizilombo ta mtundu wa yisiti totchedwa kandida, timene timaswana m'malo ofunda ndi onyowa pakati pa pulasitiki ndi mnofu ngati mano savulidwa usiku. M'makona a milomo munali ming'alu yofiira, yomwenso imayendera limodzi ndi vutoli.

Lilime linali louma, malovu ochepa ndi onanda. Amitiriputilini amaumitsa m'kamwa, ndipo m'kamwa mouma mano amaola msanga. Mano 6 aja anali ndi litsiro lolimba kumbuyo kwake, nkhama zotupa zotuluka magazi ukangozikhudza, ndipo awiri anali ataola m'munsi cha ku mizu. M'tsaya lakumanzere ndinapezamo phala la m'mawa umenewo lili chikhalire. Panalibe chotupa cha mafinya kapena kutupa kwa nsagwada.

Kutupa kwa pansi pa mano oikirira nthawi zambiri sikupweteka kwambiri, n'chifukwa chake kumakhala miyezi osadziwika. Chimene ndinaona kuti chinawaletsa kudya ndi kawaya kaja ndi ming'alu ya m'milomo. Akatafuna, waya unkabaya. Akayasamula, milomo inkang'ambika. Ndiye wina akabwera ndi mswachi, kumenya kunali kudziteteza.

Chithandizo

Kachidutswa kakumunsi sindinakabwezeremo. Mano oikirira ang'onoang'ono ogwedera ndi oopsa kwa munthu woiwalaiwala, angathe kuwameza kapena kutsamwa nawo. Mwana wawo anadandaula kuti adya bwanji. Ndinamuuza kuti kwa miyezi 5 akhala akulephera kudya chifukwa cha kachidutswa komweko, tione kaye popanda.

Ndinapempha kuti akayezedwe shuga ndi HIV ku chipatala chaching'ono chapafupi, popeza kandida wa m'kamwa amakonda thupi lofooka. Zonse zinatuluka bwino. Ndinalemberanso kalata amene amawapatsa mankhwala kuti aonenso za amitiriputilini. Ineyo sindinauze abale kuti asiye, si gawo langa, komanso mankhwalawa sasiyidwa mwadzidzidzi. Patapita masabata angapo anawachepetsera.

Pa kandida ndinapereka nistatini wamadzi, mililita 1 kanayi pa tsiku akatha kudya, kwa masiku 14. Mankhwalawa amayenera kuchukuchidwa m'kamwa asanamezedwe, koma Agogo ankangomeza nthawi yomweyo. Choncho tinasintha: mdzukulu ankadontheza theka mkati mwa mano oikirira otsukidwa asanawaveke, theka lina n'kupaka kumwamba kwa m'kamwa ndi kansalu kofewa. M'makona a milomo tinapaka mikonazolo. Ndisanapereke mikonazolo ndimafunsa nthawi zonse ngati munthu akumwa wafarini, mankhwala osungunula magazi, chifukwa ziwirizi zikakumana munthu angataye magazi. Agogo sankamwa.

Mankhwala okha sathetsa vutoli. Kandida amakhala mu pulasitiki momwemo, ndiye ukachiza mnofu n'kubwezeramo mano akuda, pakangotha masabata ochepa zayambiranso. Ntchito yeniyeni inali ya tsiku ndi tsiku, ndipo apa m'pamene tinatherapo nthawi yambiri.

Kutsuka mano oikirira

Ndinaphunzitsa mdzukulu ndi amayi ake pogwiritsa ntchito mano enieniwo. Choyamba ndi beseni lokhala ndi madzi theka, kapena thaulo lopindidwa pansi, chifukwa akiriliki wonyowa amaterera ndipo akagwera pa simenti amasweka pakati. Amatsukidwa ndi mswachi wakewake ndi sopo wamba wopanda fungo lamphamvu, mbali zonse, makamaka mkati mogona pa nkhama, mmene anthu ambiri amadumpha pofuna kuwalitsa kunja kooneka. Kolugeti ndi wa mano obadwa nawo. Pa pulasitiki amakanda timizere tosaoneka tomwe litsiro limabisalamo. Phulusa kapena mchenga wokwechera mapoto ndiye zoipa koposa. Madzi akhale ozizira kapena ofunda pang'ono. Mayi uja anafunsa ngati angawawiritse kuti tizilombo tife, ndipo ndinamuuza kuti madzi otentha amapinda pulasitiki, mano sadzakwananso.

Popha tizilombo tinagwiritsa ntchito Jiki, amene amapezeka m'golosale iliyonse. Jiki wa 3.5% amasungunulidwa muyezo umodzi ku miyezo 6 ya madzi, monga supuni imodzi ya Jiki ku masupuni 6 a madzi, kuchulukitsa mpaka mano amire. Amakhalamo mphindi 10 basi, kenako kutsukuluza ndi madzi ambiri mpaka fungo lithe. Tinachita zimenezi tsiku lililonse m'masiku 14 a mankhwala, pambuyo pake kamodzi pa sabata. Njirayi ndi ya mano a pulasitiki yokhayokha. Okhala ndi waya kapena chitsulo Jiki amawadya, ndipo pulasitiki yomwe ikagonamo usiku wonse imayezuka n'kufooka.

Usiku mano amagona kunja kwa m'kamwa, otsukidwa, m'kabigiri kovundikira ka madzi oyera osintha tsiku lililonse. Izi sindinyengerera nazo. Kupatula kupumitsa nkhama, kafukufuku wa ku Japan wofalitsidwa mu 2015 anapeza kuti okalamba kwambiri ogona ndi mano oikirira amadwala chibayo mowirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi ovula. Tizilombo ta pa pulasitiki timatsikira m'mapapo ndi malovu munthu ali m'tulo.

Kuwafika pakamwa tsiku ndi tsiku

Kudziwa kutsuka pulasitiki n'kosavuta. Funso la banjali linali lakuti Agogo alola bwanji kawiri pa tsiku, ine kulibe.

Poyamba mwana wawo ankawafunsa kuti, "Amayi, mukufuna kutsuka m'kamwa?" Yankho linali ayi tsiku lililonse. Kenako ankayamba kufotokoza za tizilombo ndi zimene adokotala ananena, Agogo n'kupsa mtima. Ndinamupempha asiye kufunsa ndi kufotokoza. Mawu akhale ochepa, chinthu chimodzi pa nthawi: "Amayi, nawu mswachi." Akagwira, "Tiyeni titsuke." Ndipo iyenso akhale ndi mswachi wake, azitsuka akuonana nawo. Anthu odwala matendawa amatsanzira zimene akuona mosavuta kuposa kutsatira zimene akumva.

Chinadabwitsa onse n'chakuti dzanja la Agogo linkakumbukira. Mdzukulu akaika mswachi m'dzanja lawo, n'kugwira dzanjalo ndi lake, kulitsogolera kukamwa ndi kuyambitsa kawiri katatu, Agogo ankapitiriza okha. Sankatsuka mokwanira, ankangopukuta kutsogolo, koma pakamwa pankakhala patatseguka mwa kufuna kwawo. Akatopa, mdzukulu ankati, "Ndimalizitse kumbuyoku," ataima chakumbali kwawo, dzanja lina litachirikiza chibwano, n'kutsuka kumbuyo kwa mano 6 aja pamene mano amakumana ndi nkhama. Tinasankha mswachi wa ana, wamutu waung'ono ndi wofewa, ndi kolugeti wa akuluakulu wokhala ndi fulorayidi, uja pachubu amalemba 1450 ppm, wochepa ngati njere ya nandolo. Akatha amalavula osachukucha ndi madzi kuti fulorayidi atsale pa mano. Masiku amene aiwala kulavula, mdzukulu amapukuta thovu ndi kansalu. Nthawi yonseyi amakhala tsonga, osati chogona, kuopa kutsamwa.

Ndinawachenjeza kuti sabata yoyamba nkhama zizituluka magazi, asaleke. Nkhama zotupa zimatero, ndipo zimasiya zikamatsukidwa. Kansalu konyowa kokulunga kuchala n'kopukutira kumwamba kwa m'kamwa, nkhama zopanda mano, ndi m'masaya akatha kudya, chala chikuyenda kunja kwa mano.

Kuvula mano akumwamba kunavuta kuposa mswachi, mpaka mdzukulu anapeza yekha njira imene ine sindikanaiganiza. Agogo moyo wawo wonse sankalola mbale kugona zakuda, ndipo mpaka pano akaona beseni ndi sopo manja amawayabwa. Mtsikanayo anayamba kubweretsa beseni kuchipinda akatha kudya madzulo, muli makapu awiri, n'kunena kuti, "Agogo, titsuke ziwiya." Makapu akatha ankaloza pakamwa pake n'kuti, "Kwatsala kambale ka m'kamwa." Tsiku lachitatu Agogo anavula okha n'kuyamba kukwecha. Iye amangobwereza pambuyo pake kuti ayere bwino.

Tinasunthanso nthawi. Kudikira mpaka 8 koloko usiku, atatopa ndi kusokonezeka, kunkalephereka. Tsopano amadya cha m'ma 5:30 ndipo kutsuka kumatsatira pomwepo. Akakana, lamulo ndi kusiya, kudikira mphindi 20 kapena 30, n'kuyesanso, kapena kusinthana munthu. Kuwagwira manja ndi kuwakanula pakamwa ndinaletseratu. Ungapambane tsiku limenelo, koma mantha amatsala ngakhale chochitikacho aiwale, ndipo mawa lake akangoona mswachi amamanga milomo.

Zimene zinasokonekera

M'sabata yoyamba mayi uja anasiya mano akunyowa mu Jiki m'kapu ya tiyi patebulo la kuchipinda, n'kupita kukayankha foni. Pobwera anapeza Agogo atanyamula kapuyo akupita nayo kukamwa. Sanamwe, koma tonse tinachita nthumanzi. Kuyambira pamenepo Jiki salowa kuchipinda. Kunyika kumachitikira kukhitchini, m'chigubu chodula chosafanana ndi chomwera, pamwamba pa kabati.

Sabata yachitatu mano anasowa masiku awiri. Agogo anadzuka usiku, anapeza m'kamwa mulibe kanthu, anawatenga m'kabigiri n'kuwamanga pa mfundo ya chitenje ngati ndalama, ndipo m'mawa anayamba kunena kuti wantchito wawabera. Anapezeka pochapa. Banjali linatsala pang'ono kubwerera kowalola kugona nawo. Tinagwirizana kuti kabigiri kazigona kuchipinda kwa mdzukulu, ndipo m'mawa chinthu choyamba, asanatuluke kukaonana ndi aliyense, azivekedwa mano ali onyowa. Akafunsa usiku amauzidwa kuti, "Ali m'madzi, muvala m'mawa," ndipo nthawi zambiri amagonanso. Ndinalembanso chizindikiro chawo kunja kwa pulasitiki cha kumbuyo, n'kupakapo polishi ya zikhadabo yosaoneka mtundu, kuti akadzagonekedwa m'chipatala manowo asadzasochere. Chimafufutika, ndiye chimafuna kubwereza.

Masiku amene mpopi wauma, ntchitoyi ndi imene inkayamba kudumphidwa. Tsopano amasunga botolo la malita 2 la madzi akumwa lolembedwa kuti ndi la m'kamwa mwa Agogo.

Zotsatira

Patatha masabata 2 chilonda cha m'tsaya chinali chitapola. Ndinachiyang'ana mwadala, chifukwa chilonda cha m'kamwa chimene sichipola pakatha masabata 3 chochititsa chitachotsedwa chimafunika kukaonedwa ku chipatala chachikulu, kuno kwathu ku Gulupu, kuopa khansa. Ming'alu ya m'milomo inatseka. Kumwamba kwa m'kamwa kunali kutayamba kubwerera mtundu wake, kufiira kutatsala pang'ono pakati. Fungo linatha sabata yoyamba yomwe.

Litsiro lolimba la pa mano 6 ndinalipala ndi zida zamanja pa maulendo awiri a mphindi zosapitirira 15, mdzukulu atawagwira dzanja akuimba nawo nyimbo ya kutchalitchi. Mano awiri oola ndinawakokota ndi chida chamanja n'kumata simenti ya gilasi ayonoma, imene imatulutsa fulorayidi ndipo sifuna makina obowolera. Pa tiyi sitinagwirizane. Ine ndinkafuna shuga achoke, banja linati tiyi ndi chinthu chokhacho chimene chimawasangalatsa. Tinathera pa supuni imodzi m'malo mwa 3, kumwera pa nthawi ya chakudya, ndi madzi pafupipafupi masana chifukwa cha kuuma kwa m'kamwa. Kunena zoona ndikuganiza kuti masiku ena masupuni amakhalabe awiri.

Pa mwezi wachitatu sikelo inali pa makilogalamu 51. Amadya nsima yofewa, mazira, nyemba zophwanya ndi nsomba yochotsa minga. Pa kalendala imene mdzukulu amachonga, m'masiku 30 omaliza kutsuka kwa m'mawa kunalephereka kawiri, kwa madzulo ka 7, ndipo anagona ndi mano usiku 3.

Zotsala ndi ziwiri. Mano akumwamba ayamba kugwedera pang'ono chifukwa kutupa kwaphwa ndipo nkhama zinafota ndi zaka. Sindikulangiza kupangitsa atsopano, popeza munthu wofika pamenepa kawirikawiri sazolowera mano achilendo, amangowalavula. Ndikufuna akale omwewa awonjezeredwe pulasitiki mkati kuti agwire, ndipo ikadzafika nthawi yoti akugwa poyankhula kapena Agogo sakuwazindikiranso kuti n'chiyani, tidzawachotseratu. Ndauza banja zoti liziyang'ana popeza iwo sanganene: kusiya chakudya chimene amakonda, kugwiragwira tsaya, kutuluka dovu, kukana tiyi wotentha, kapena kuyambiranso kumenya pa nthawi ya mswachi.

Chachiwiri n'chakuti mdzukulu uja wapeza malo kusukulu ya ukachenjede ndipo achoka mwezi wamawa. Ntchito yonseyi yakhala pa iye. Masabata awiri apitawa amayi ake akhala akulowa naye kuchipinda madzulo, atanyamula beseni ndi makapu awiri, kuti Agogo azolowere kuwaona ndi ziwiyazo. Mpaka pano avulira mwana wawoyo kamodzi kokha, ndipo anatero atatembenukira kukhoma. Ndidzawaonanso Loweruka loyamba mtsikanayo akachoka.